Kalata ya Mayi Petzold Yopanda Inki

Mayi Waltraud Petzold anagwira ntchito pawindo loyamba la banki yathu zaka makumi atatu ndi chimodzi. Ine ndinakhala nawo pawindo lachiwiri zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, koma mpaka lero timaitanana Mayi Petzold, Mayi Ahlers, ngati tangokumana dzulo pamsika. Anali munthu wamfupi, wa magalasi olendewera pachingwe, wosaseka wamba. Nkhalamba za m'tauni yathu zinkalolera kuima pamzere wawo ngakhale windo langa lili pululu. Zinkandiwawa, sindibisa.

Amuna awo, Bambo Eckhard, anali dalaivala wa basi wopuma pantchito, munthu wa nthabwala zosatha. Mu Febuluwale madokotala anawapeza ndi khansa ya m'mapapo, n'kuwauza kuti mwina atsala ndi chaka chimodzi. Mayi Petzold anaganiza zosiya ntchito kuti akakhale nawo kunyanja ya kumpoto, m'kanyumba kamene mchimwene wawo anawapatsa kuti akakhalemo.

Koma banki siuchokamo ngati ukutuluka m'sitolo. Mgwirizano wawo wa ntchito unkati apereke notisi ya miyezi isanu ndi umodzi, ndipo tsiku lochoka likhale kumapeto kwa Malichi, Juni, Sepitembala kapena Disembala basi. Kalata ikafika Malichi asanathe, akanachoka pa 30 Sepitembala.

Anailemba pa 31 Malichi patebulo la kukhitchini. Inali kalata yaulemu: anathokoza banki, anathokoza ife anzawo, n'kulonjeza kuti agwira ntchito mokhulupirika mpaka tsiku lomaliza la notisi. Anasaina bwinobwino. Tsikulo sanali kuntchito, chifukwa ankaperekeza amuna awo kuchipatala.

"Ndidutsira kubanki ndikaisiye," anatero.

"Iwe Traudel, ukhala wachikale mpaka liti?" anawaseka Bambo Eckhard, powaitana ndi dzina lawo lapanyumba. "Bweretsa kuno uone mmene amachitira ana a masiku ano."

Anaijambula ndi foni yatsopano imene ankanyadira ngati mwana, n'kuitumiza pa imelo kwa bwana wathu, Bambo Brüggemann. Pepala lenilenilo linalowa m'dirowa ya masupuni.

Bambo Brüggemann anali patchuthi. Atabwera pa 8 Epulo anaitana Mayi Petzold muofesi mwawo, ndipo poti chitseko sichinatsekeke bwino, ine ndinamva zonse.

"Mayi Petzold, kalata yanu ndi yabwino, yandikhudza. Koma akulikulu akuti siigwira ntchito."

"Siigwira bwanji? Ndinasaina ndi dzanja langali."

"Chomwe ndalandira ine ndi chithunzi. Lamulo likufuna pepala lenilenilo, lokhala ndi inki yanu, lifike m'manja mwathu. Mukabweretsa lero, ndiye kuti lafika mu Epulo. Muchoka pa 31 Disembala."

Tangoganizani, mayi amene anabweza anthu mazanamazana pawindo chifukwa chobweretsa fotokope m'malo mwa chikalata chenicheni! Lamulolo ankalidziwa ndithu. Koma tsiku lotumiza chithunzi lija mutu wawo unali kuchipatala.

Ndisawanamizire Bambo Brüggemann, si munthu woipa. Anati ngati Mayi Petzold akufuna, atha kupempha kulikulu kuti agwirizane zowamasula msanga. Anawakumbutsanso kuti lamulo limalola munthu kutenga tchuthi chokasamalira wodwala wake. Koma pomaliza anausa moyo n'kuwonjeza kuti mnzathu wa windo lachitatu ali kutchuthi chauchembere mpaka Januwale, ndiye sakudziwa kuti angatani. Mawu omalizawo ndi amene sindinawakhululukire. Ankadziwa munthu amene ankalankhula naye.

"Ndinalemba kuti ndimaliza notisi," anayankha Mayi Petzold. "Ndimaliza."

M'mawa mwake anabweretsa kalata yatsopano, mawu omwewo, tsiku lokha losinthidwa.

Ndinawatsatira kukhitchini ya antchito nditapsa mtima.

"Mayi Petzold, mwapenga? Bankiyi ikugwa mukachoka? Windolo ndikhalapo ndine!"

"Inu? Mayi Ahlers, inu Lachisanu lililonse mumaiwala pomwe mwasiya chidindo."

"Chidindo n'chiyani poyerekeza ndi amuna anu?"

"Adokotala anati chaka. Disembala ali m'kati mwa chaka." Anatsuka kapu yawo n'kubwerera pawindo.

Bambo Eckhard nawo anaikira kumbuyo akazi awo, mwina chifukwa cha manyazi a chithunzi chija. Masana ena ankabwera kudzakhala pampando wa makasitomala, chipewa chili pabondo, n'kumandinyogodola.

"Mayi Ahlers, mkazi wangayu ndinamugwiritsa ndekha ukaidi wa miyezi itatu. Ndi foni ya mayuro mazana anayi! Nyanja siithawa, ingotidikira."

Ankaseka, kenako n'kutsokomola mpaka misozi. Mu Ogasiti ankabwera ndi ndodo. Mu Sepitembala anabwera kamodzi kokha, mwana wawo wamkazi atawagwira pamkono. Pa 30 Sepitembala palibe aliyense mubanki amene anatchula tsikulo. Mayi Petzold anatsegula windo nthawi yake, anatseka nthawi yake. Kunja kunali dzuwa lokoma, ndipo ine ndinakwiya tsiku lonse osadziwa woti ndimukwiyire.

Okutobala yense Bambo Eckhard anali akuyendabe pang'onopang'ono m'nyumba, akudya, akuwerenga nyuzipepala. Mwezi umenewo ukanatha kukhala wawo, kunyanja. M'malo mwake Mayi Petzold ankalemba m'kope la buluu zonse zokhudza makasitomala zofunika kuti adziwe amene adzalowe m'malo mwawo: kuti Bambo Tietjen samva khutu lakumanzere, kuti Mayi Oltmanns akafunsa funso limodzi katatu uwayankhe katatu konse. Madzulo ankathamangira basi ya 5 koloko.

Chapakati pa Novembala Bambo Eckhard anagonekedwa m'chipatala. Apo m'pamene Mayi Petzold anatenga masiku atchuthi amene ankawasungira kusamuka. Anakhala pambali pa bedi masiku khumi ndi limodzi, koma amuna awo nthawi zambiri ankakhala ali m'tulo ta mankhwala. Anamwalira pa 26 Novembala.

Maliro atatha anabwerera pawindo. Bambo Brüggemann anawapempha kuti akapume kunyumba, masiku otsalawo awalipira ndithu. Anakana. Kunyumbako akanakakhala ndi ndani?

Tsiku lomaliza anabweretsa keke ya maapozi, monga amachitira aliyense wochoka. Panali maluwa, panali khofi. Bambo Brüggemann anawerenga kalata yaumboni wa ntchito yawo, yowayamikira ndi mawu apamwamba kwambiri amene banki imalemba, ndipo pakati pake mawu anawathawa. Anthu anawomba m'manja. Aliyense ankati Mayi Petzold achoka bwino, mwamtendere, popanda chokhumudwitsana, ndipo zinali zoona. Ine keke ija ndinaisiya pambale. Kope la buluu anandipatsa ine, chifukwa akulikulu anali atalamula kale kuti windo loyamba litsekedwe, paikidwe makina.

Sabata yachiwiri ya Januwale ndinawaona ataima pamzere wanga, kumbuyo kwa Bambo Tietjen, atavala jasi yakuda. Anadikira nthawi yawo ngati wina aliyense. Anabwera kudzachotsa dzina la amuna awo pa akaunti imene ankagwiritsa ntchito limodzi.

"Mayi Ahlers, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka, kaya inu Mayi Petzold. Kunyanja mupita liti?"

"Kanyumbako ndauza mchimwene wanga kuti agulitse."

Anatsegula chikwama n'kutulutsa chikalata cha imfa, chosapindika ngakhale pakona. Anachikankhira pansi pa galasi ndi zala ziwiri.

"Musavutike kundifunsa," anatero. "Ndabweretsa chenichenicho, si chithunzi."