Dzina Lonse ndi Chidule Chake

Chaka chimene pulojekiti ya mkazi wanga inkatha, tinkachita lendi ku Area 23, ine ndikusoka zovala pakhonde la golosale. Iye anali mlangizi wa anthu obwera kudzayezetsa magazi. Ntchito ina inali itapezeka kale, koma ku Nsanje. Akanapita yekha, chifukwa ana anali pasukulu, ndipo makasitomala anga sakanakwera basi kunditsatira. Tinagwirizana kuti ayese kaye bungwe lina lakunja limene linkafuna alangizi mu Lilongwe momwemo. Zikakanika, azilongedza.

Bungwelo silinkalandira maenvulopu, linkafuna CV pa intaneti. Choncho anayamba wailemba pamanja kuti akaitayipitse ku kafe ya intaneti, ine n'kudzisankha ndekha kukhala mkonzi. Sukulu ndinalekeza panjira, koma nyuzipepala zakale zimene ndinkadulira mapatani ndinkayamba ndaziwerenga, mwakuti ndinkadziona ngati pulofesa wa pakhonde.

Papepala lake panali VCT, zilembo zitatu basi.

"Amayi, apa mwachita ulesi," ndinatero. "Munthu wophunzira amalemba dzina lonse: Voluntary Counselling and Testing. Fufutani tizilemboti."

"Bambo, mawu amenewo mwawadziwa liti? Si dzana lomweli, pa nyuzipepala ya patani ya siketi?"

Sananame. Koma nayenso anali ndi chifukwa chake. Masiku amenewo nkhani yoyezetsa inali yolemera pakamwa. Mayi wina ankatha kumukokera pambali pa kiyosiki ya madzi n'kunong'ona kuti, "Asisi, za VCT zija, mawa mulipo?" Zilembozo zinali ngati chitenje, munthu ankafunda n'kupeza mphamvu yofunsira. Mkazi wanga anazizolowera, ndipo dzina lonselo ankaliona ngati kukuwa pagulu.

Mlandu tinakautula Lamlungu ku Area 49, kwa msuweni wake wamkazi amene ankagwira ntchito mu ofesi yolemba anthu ntchito ku bungwe linanso lakunja. Anatimvetsera akusenda mbatatesi, kenako n'kuseka.

"Alamu, inu ndi asisiwa mukukangana ngati woyamba kuona CV ndi munthu. Imayamba yalowa mu kompyuta pamodzi ndi mulu wa zinzake. Ine sindiwerenga zonse. Ndimalemba mawu amene ndikufuna, kompyuta n'kundibweretsera ma CV amene muli mawuwo ndendende."

"Ndiye kompyuta yonseyo siidziwa kuti VCT ndi dzina lalitalilo n'chinthu chimodzi?" ndinafunsa.

"Yathuyi siidziwa, ndipo ya kumene mukutumizako musaidalire. Ndikalemba dzina lonse, CV ya asisi ya zilembo zokha siituluka. Ndikalemba VCT, yanu ya Chingerezi chambiriyo ndiye imatsala. Mudziwa bwanji chimene wofufuzayo alembe? Ikani zonse ziwiri, dzina lonse, chidule pambali pake. Ngakhale kamodzi kokha, poyamba, kwakwana. Zimathandizanso munthu wodzawerenga, poti si onse a mu ofesi amadziwa zilembo za kuchipatala."

"Ndiye ntchito yapezeka basi?"

"Ayi, alamu. Mwangofika poti munthu akuoneni. Kwinako ndi kwa asisi."

M'minibasi pobwerera ndinayesa kunena kuti theka la mlandu ndawina ine. Mkazi wanga sanaseke. Ankayang'ana pawindo, kenako anati, "Ndiye munthu ungagwire ntchito zaka zonsezi, n'kusowa chifukwa wina walemba mawu ena?" Ndinangotenga chikwama chake n'kuchiika pamiyendo panga.

Ku kafe tinapita tonse. Mtsikana wotayipa atafika pa VCT, mkazi wanga anayang'ana uku ndi uku, poti pabenchi panali anthu odikira. Kenako anatchula dzina lonselo pang'onopang'ono, liwu lililonse palokha, kuti mtsikanayo asalakwitse. Palibe anatembenuka. Anachita chimodzimodzi ndi PMTCT, ntchito yoteteza ana kuti asatengere kachilombo kwa amayi awo. Limenelo ndi lalitali kwambiri, moti ine pulofesa uja ndinayang'ana kumbali ngati sizikundikhudza.

Kudikira kunali kowawa. A ku Nsanje ankafuna yankho mwezi usanathe. Tsiku lina anandibweretsera chikwama chachikulu kuti ndikonze zipi. Ndinkanena kuti zipi ya saizi imeneyo ikusowa mumsika, iye n'kumavomera, chonsecho tonse tikudziwa kuti ili m'kabati mwanga.

Foni inalira masana, iye akuchapa. A bungwe lija anamuitana ku intavyu. Sindidziwa kuti wofufuzayo analemba zilembo kapena dzina lonse, ndipo sitinafunse. Ku intavyu anadziyankhira yekha, popanda mkonzi, ndipo anamutenga.

Madzulo a tsiku limenelo anaimbira a ku Nsanje, n'kuwathokoza mwaulemu, n'kuwauza kuti sabwera. Atadula foni anakhala pakhomo, mwana wathu wamng'ono atatsamira pamsana pake.

"Amayi, mupitabe?" mwanayo anafunsa.

"Ndizipita m'mawa," anayankha, "ndizibwera madzulo."