Siketi ya Chitenje cha Mayi

Ine sindinagulepo pepala lodulira zovala. Ndipatseni chiuno ndi kutalika kwa munthu, siketi yokwinya m'chiuno ndikusokerani dzuwa lisanapendeke. Ndakhala ndikusoka pakhonde langa ku Biwi kuyambira mwana wanga wamkazi ali kumsana, ndipo ndani amene ndinamudulirapo nsalu molakwika? Abwere anene.

Mayi athu asanamwalire kumudzi ku Ntcheu anatulutsa chitenje chimodzi chimene sanachivalepo, chobiriwira, cha maluwa achikasu akuluakulu. Mbali zonse ziwiri zodulidwa anazipinda okha ndi singano ya pamanja. Anandiuza pamaso pa achemwali anga, amene tinabadwa awiri okha, kuti: "Ichi udzamusokere mwana wakoyu siketi ya pa chinkhoswe. Ine mwina sindidzakhalapo, koma adzagwade atavala nsalu yanga."

Maliro atatha, achemwali ndi amene anati chikhale kwawo ku Area 25. Kwanga kumadontha, makoswe nawo sasowa, pomwe iwo ali ndi sutikesi yokhoma. Ndinawathokoza. Inde, ndinachita kuwathokoza ndi manja awiri.

Mwana atapeza mwamuna, tsiku la chinkhoswe litadziwika, achemwali anatumiza chitenjecho m'jumbo, chopindidwa bwino, chikununkhira mankhwala othamangitsa njenjete. Ndinamuitana mwana, ndinamuzunguliza tepi pamwamba pa mchombo pomwe thupi limaning'a: mainchesi makumi atatu. Kuchoka m'chiuno kutsika mpaka kunsi kwa mawondo: makumi atatu ndi awiri.

Siketi yotereyi ilibe matsenga. Ndi nsalu imodzi ya ngodya zinayi ndi lamba wake basi. Kutalika kwake umawonjezerapo mainchesi awiri a mpendero ndi msoko wa m'chiuno. Kuzungulira kwake umatenga chiuno kawiri, ukafuna yokongola kawiri ndi theka, kuti ukakoka ulusi nsalu isonkhane makwinya odzaza bwino. Lamba umamudula motalika kuposa chiuno ndi mainchesi atatu, a misoko ndi popitirira batani. Chitenje chathunthu ndi mamita awiri, ndiye pa chiuno cha mwana wanga chinkakwana kawiri ndi theka ngati anachita kuyeza. M'lifupi mwake mukanatsala nsalu yodulamo lamba. Zonsezi ndinali nditaziwerengera kale m'mutu zaka zonsezo.

Ndinachiyala patebulo, choko m'manja. Tepi inathera pa mainchesi makumi anayi ndi asanu ndi atatu.

Ndinayezanso. Ndinapukuta magalasi, kuyezanso. Mainchesi makumi atatu anali atapita. Mbali imodzi inali ndi msoko wa mayi, timisoko tating'ono topendekera monga ankasokera. Mbali inayo duwa lachikasu linali lodukira pakati, ndipo mpendero wake unali wa makina.

Ndinakwera minibasi tsiku lomwelo. Achemwali ndinawapeza akusankha nyemba pakhomo.

"Achemwali, chitenje chija chaperewera."

Sanadzutse n'komwe mutu. "Chinali chomwecho. Mayi umawadziwa, anali oumira. Ayenera kuti anagula chodula kale."

"Mayi anagula chathunthu. Ndinachigwira ndi manja angawa."

"Ndiye ukuti ndine wakuba? Iwe usoke zimene zilipo. Si ndiwe telala wodziwa?"

Ndinabwerera ndili ndi manyazi, ndikudzifunsa ngati mutu wanga wayamba kusokonekera. Munthu wamkulu akalankhula molimba chonchija, umayamba kudzikayikira wekha.

Kunyumba ndinautembenuza mpendero uja n'kuuyang'anitsitsa pawindo. Msoko unkayenda bwinobwino, kenako n'kudumpha, kuyendanso, kudumphanso. Makina odumpha chonchi ndimawadziwa, ndimalimbana nawo tsiku ndi tsiku. Ndi anga. Apo m'pamene ndinakumbukira kuti chaka chathachi achemwali anabwera ndi chikwama, amvekere akufuna kusoka yunifolomu ya mdzukulu yong'ambika, n'kundituma kumsika kukagula ndiwo kuti tidyere limodzi. Ndinawaphikira nkhuku tsiku limenelo. Anadula nsalu ya mayi ndi sizasi yanga, kuipinda pa makina anga, ine ndili kalikiliki kuwasankhira nkhuku yonenepa.

Zinandiwawa, sindibisa. Akanapempha, bwenzi nditawapatsa kansalu kotsala ku lamba, ngakhale kuwasokera kathumba kokongola. Anali mayi awonso. Koma kunamizira munthu amene ali m'manda kuti anali woumira, zimenezo ndiye zinandidwalitsa mutu.

Ndinayesa njira zonse. Kuitembenuza nsalu n'kudula zigawo ziwiri, siketi ikanalekezera pamwamba pa mawondo, ndipo mwana wanga sangaime choncho pamaso pa apongozi ake. Ndinaigwiriza kaye ndi mapini momwe inalilimo, n'kumuveka. Makwinya anali owerengeka, m'matako inathina. Nditamuuza kuti agwade, nsalu inakokeka mpaka pini inathothoka. Anandiyang'ana, misozi ili lengelenge. "Amayi, tingogula china."

"Ayi. Agogo ako ananena."

Ndinapita kumsika wa m'tauni, ndinazungulira mabenchi onse kufuna chofanana nacho. Ogulitsa ankangopukusa mitu, ati mtundu umenewo unatha kalekale. Ndinagula nsalu yobiriwira yopanda maluwa, ndinadulapo zigawo ziwiri zofanana, n'kuzilumikiza uku ndi uku kuti zikakumane kumbuyo pa zipi. Ndinasoka mizere iwiri ya msoko wautali m'mphepete mwa pamwamba, ndinagawa nsalu panayi, lamba panayi, kulumikiza zizindikiro ndi mapini, kenako kukoka ulusi wapansi pang'onopang'ono mpaka makwinya atagawanika mofanana. Kutsogolo inali siketi ya mayi. Kumbuyo chinali chigamba, ngakhale nditachisita motani.

Chinkhoswe chinachitikira pabwalo la achimwene a bambo a mwana wanga ku Kawale. Ndinali kuseri ndi amayi ophika pomwe ndinamva nthungululu pageti. Achemwali analowa mochedwa monga amachitira, atavala diresi loyera, kumutu atamanga duku lalikulu la kamangidwe kamakono. Lobiriwira, la maluwa achikasu.

Amayi a kuchimuna anawathamangira. Wina anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Koma banja lanu ndi logwirizana. Mayi wamkulu ndi mwana kuvala zofanana chonchi, mwatiphunzitsa." Achemwali anamwetulira, anakonza duku lawo ndi zala ziwiri, anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti, "Ndi nsalu ya malemu mayi athu. Ndinaisunga ine."

Ndinali ndi chikombe m'manja. Ndinachiika pansi bwinobwino, chifukwa ndimadzidziwa.

Pa mwambo wa mwana wako sulalata. Ndinakhala pa mkeka, kumwetulira pofunika kumwetulira, kuwomba m'manja pofunika kuwomba. Nthawi yopereka moni kwa akuluakulu itakwana, mwana wanga anayenda mpaka kutsogolo n'kugwada. Siketi inamulola, sinakokeke paliponse. Anagwadira apongozi ake, kenako anasunthira kwa mayi ake aakulu amene anakhala pampando wakutsogolo, n'kuweramitsa mutu. Ife tonse a kumbuyo tinkaona chigamba chopanda maluwa chija, ndipo pamwamba pake penipeni, pamutu pa achemwali, panali maluwa amene anayenera kukhala pamenepo.

Ulendo wotsatira umene achemwali anabwera ku Biwi anali ndi chikwama chomwe chija, ati zipi ya diresi yawonongeka. Ndinawapatsa mpando, ndinawapatsa madzi akumwa. Kenako ndinavundikira makina anga ndi nsalu, n'kuwalozera telala wa kuseri kwa chigayo.