Tsamba lachiwiri la a Dorica

A Dorica Yotamu anali namwino wa pachipatala chaching'ono cha kwa Kawinga. Boma litawasamutsira ku Balaka linawapatsa masabata awiri okha oti akhale atayamba ntchito, ndipo mtima wawo sunakhazikikenso. Katundu anali atamanga kale m'matumba, ana awiri akugona pamphasa kwa mlongo wawo, koma nyumba inali isanapezeke.

Lachisanu anapeza nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa siteshoni ya sitima. Mwini wake, a Abdulwahab, anali bambo aulemu ogulitsa zitsulo pamsika. Anatulutsa makope awiri a pangano la lendi la masamba atatu, nati asaine msanga chifukwa mphunzitsi wina abwera masana ndi ndalama m'manja.

A Dorica anagwira cholembera, kenako anachiika pansi. Kuntchito anazolowera kuwerenga botolo la mankhwala kawiri asanabaye munthu. Anakhala pakhonde n'kuyamba kuwerenga ndi chala, uku akuyang'anayang'ana kumsewu ngati mphunzitsiyo watulukira.

Tsamba loyamba linali bwino: lendi ya mwezi, ndi dipoziti ya miyezi iwiri yobwezedwa potuluka ngati nyumba sinaonongeke. Tsamba lachiwiri ndi lomwe linali ndi mavuto. Wotuluka chaka chisanathe ataya dipoziti yonse. Wochedwa kulipira kupitirira pa 5 awonjezera chindapusa tsiku lililonse. Kukonza chilichonse choonongeka ndi udindo wa wochita lendi.

"Bambo, malipiro athu nthawi zina amafika pa 10," anatero. "Ndipo boma likandisamutsanso mwezi wachisanu, ndalama yangayi ipita?"

A Abdulwahab anati pepalalo anawalembera mphwawo, ndipo iwo si munthu wolanga mnzawo pa zinthu zotero. A Dorica anayankha mofatsa kuti akuwakhulupirira, koma mawa nyumba ikadzakhala m'manja mwa mphwawoyo, chidzayankhule ndi pepala.

A Dorica anadziona akubwerera kwa Kawinga chimanjamanja. Komabe anapempha kuti alowe limodzi m'nyumbamo. Anawaonetsa mpopi wodontha, galasi losweka, ndi banga la mvula kudenga, n'kufunsa ngati zimenezi zidzadulidwe pa dipoziti yawo.

"Iyayi, zimenezo nzakale," anatero a Abdulwahab.

"Ndiye tizilembe."

Analemba ndi cholembera pamakope onse awiri: tsiku lolipira likhale pa 12, wosamutsidwa pantchito apereke notisi ya mwezi umodzi n'kulandira dipoziti yake, zoonongeka zakale ndi denga zikhale za mwini nyumba. Chindapusa a Abdulwahab anakana kuchichotsa, ndipo a Dorica anagonja. Aliyense anasaina pambali pa mzere wosinthidwa, a Lukiya oyandikana nawo anasaina ngati mboni, ndipo a Dorica anatenga pepala lawo ndi lisiti.

Anakhalamo miyezi isanu ndi iwiri. Kalata yowatumiza ku Rivirivi itafika, anapereka notisi tsiku lomwelo. Dipoziti inabwera, kupatula mtengo wa loko yemwe mwana wawo anathyola. Madzulo ake anayambanso kufunsa anthu za nyumba.