Imelo ya Mayi Sindibisa

Zaka khumi ndi zisanu ndawadziwa mayi amene pafakitale timawatcha Mayi Sindibisa, kapitawo wa okolopa. Dzinalo sanalitole panjira. Munthu akalakwa amamuuza pomwepo, kaya wavala tayi.

Chaka chatha kampani inasintha mankhwala okolopera. Atsopanowo ankadya magolovesi nkumasupula manja. Mayiwa anauza owayang'anira kangapo, yankho nkumangokhala lakuti tikuziona. Tsiku lina anapeza wokolopa wina, mayi wa mwana wakhanda, akulephera kufinya mopu, zala zili matuza okhaokha. Anakhala pakompyuta ya m'chipinda chosungira katundu nkulembera bwana wamkulu imelo: "Mwatigulira poizoni chifukwa cha kuumira. Bwerani mudzakolope nokha."

Mlamu wawo, kalaliki wa m'chipindamo, anawagwira dzanja asanatumize.

"Alamu, mukufuna mankhwala ena kapena kalata yokuchotsani ntchito?"

"Ndanama pati?"

"Simunaname. Mwatukwana."

Kalalikiyo anailembanso. Anayamba ndi moni wautali, nkuthokoza penti yatsopano ya m'makonde. Za mankhwala anaziika pansi penipeni, kuti mwina, ngati nkotheka, angadzaunikidwenso. Yankho silinachedwe: "Zikomo, pitirizani ntchito yabwino."

Mayi Sindibisa anavula magalasi.

"Alamu, mwathira madzi mpaka mchere wathawa. Munthu akupsa manja, ife tikuyamikira penti?"

"Abwana amawerengera pafoni," anavomera kalaliki. "Pansipo sanafikepo."

Anakhalanso pansi, kukanganirana liwu ndi liwu ngati ogawana nyama. Za kuumira mayi analola kuti zichoke, pakuti mtima wa bwana sanauone. Zoti bwana adzakolope yekha anazichotsa akung'ung'udza. Koma pa "mwina" anamenya tebulo.

"Matuza alibe mwina."

Pamutu pa imelo analemba kuti mankhwala atsopano akuwotcha manja a okolopa. Moni unali mzere umodzi. Kenako zimene zachitika, osaloza munthu chala, ndi pempho loti mankhwalawo asiyidwe sabata yomweyo. Anaikaponso chithunzi cha zala zija, mwiniwake atavomera.

Bwana anayankha mwaulemu. Magolovesi okhuthala anabwera, wovulalayo anatumizidwa kuchipatala. Koma mankhwala, akuti, adzasinthidwa migolo yogulidwa kale ikatha. Migoloyo ndi yambiri.

"Tapambanatu theka," anatero kalaliki.

"Theka la dzanja ndi dzanja?"

Mayi Sindibisa anali atalonjeza wokolopa uja kuti sadzakhudzanso mankhwalawo. Mpaka lero amamupatsa ntchito yosesa, ndipo chigawo chake amakolopa okha, msana ukuwawa. Lolemba lililonse amalemberanso bwana. Mlamu wawo amachotsa minga, iwo ataima kumbuyo kwake, kulondera kuti pempho lisatsike pamzere woyamba.