Jagi Yachilendo pa Bulenda ya Amayi

“Kodi iwe mwana wa sukulu, chinthu unayamba wachitembenuzapo n’kuona kunsi kwake?”

Anandifunsa funso limeneli ndi bambo wina wokonza zamagetsi, amene anthu amangomutchula kuti a Kunsi.  Popeza palibe amene analembapo za iwo, ndati ndiyambe ine, anthu adziwe kuti pansi pa masitepe paja pamakhala munthu.

Malo awo a ntchito ndi kachipinda ka pansi pa masitepe a nyumba ya masitolo. Munthu wamtali akalowamo amayamba wapereka ulemu, chifukwa denga lake ndi lopendekeka. Muli benchi imodzi, babu wolendewera, ndi mashelefu atatu. Shelefu yapamwamba ndi ya maketulo amene anataya mipando yawo yolumikizira magetsi, yapakati ndi ya mipando imene inataya maketulo, yapansi ndi ya mabulenda, makina ogayira zipatso. A Kunsi amati mashelefu awiri apamwambawo ndi a mbeta ndi a mphongo zosakwatira, ndipo iwo ndi ankhoswe.

Ali mnyamata anagwira zaka khumi ndi chimodzi m’sitolo ya katundu wamagetsi, ntchito yawo ili yomasula makatoni. Anzawo ankathamangira kuwerenga dzina lolembedwa pamimba pa katundu. Iwo ankatembenuza chilichonse n’kuona miyendo, mabowo ndi manambala. Akazi awo amanena mpaka lero kuti tsiku lokaonekera kwa apongozi, bamboyu anatembenuza ketulo ya eni nyumba tiyi asanathe, n’kunyowetsa nsalu ya patebulo. Dzina lija linayambira pomwepo.

Lachiwiri lina m’mawa kunafika mayi wogulitsa juwisi wa zipatso ku kantini ya fakitale. Mayiyo ndi amayi anga. Anafika atakumbatira chikwama ngati mwana wodwala, n’kutulutsa tsinde la bulenda ndi jagi yake yapulasitiki, yong’aluka kuyambira pachogwirira mpaka pansi.

“Achimwene, sindikuchedwetsani,” anatero amayi. “Mwana wanga wafufuza kale. Anajambula jagiyi pafoni n’kupeza inzake yofanana ndendende. Nambala yake ndi iyi. Inu ingoitanitsani.”

Anawapatsa kapepala kamene ndinalemba ine, ndi mzere wofiira pansi pa nambala kuti aone kuti m’nyumba mwathu muli wophunzira.

Nkhani inali yakuti mwini kantini anawapatsa amayi mpaka Lolemba. Akapanda kubwera ndi juwisi tsiku limenelo, tebulo lawo lipita kwa mayi wina amene wakhala akulisirira kwa chaka. A Kunsi ankadziwanso mbali imene amayi sankaidziwa. Wogulitsa masipeya amatseka maoda Lachiwiri masana, galimoto yake imabwera Lachisanu lokha, ndipo chimene waitanitsa sabweza. Mpata unali umodzi basi.

A Kunsi anaika kapepalako pambali, osakawerenga. Anatembenuza tsinde lija. Pamene pamayenera kukhala pepala la dzina ndi nambala panali poyera mbee.

“Mlongo, mumachapa ndi chiyani kunsi kuno?”

“Ndi waya wotsukira mapoto. Zakudya za anthu izi, achimwene.”

“Mwatsuka mpaka mbiri yake yomwe.”

Analibweza tsindelo n’kuyang’ana pamwamba, pamene jagi imakhala. Panali khosi lozungulira, m’kati mwake muli mipata iwiri yoyang’anizana, yolowamo makutu a jagi ikamatsekedwa. Pakati panali kagudumu ka mano asanu ndi limodzi, kamene kamazunguza mipeni. Mumpata umodzi munabisala kaswitchi kachitetezo: jagi ikapanda kukakanikiza, mota siilira ngakhale upemphere.

Kenaka anatenga jagi ija n’kuyendetsa chala mozungulira phazi lake. Makutu awiri. Koma pakati pa makutuwo chala chinakhudza malo ena awiri okhakhala, pamene panali makutu ena amene munthu anawapala ndi tupa. Anaibweretsa pafupi ndi babu. Mizere imene tupa anasiya inali yopendekera kumanzere, ndipo a Kunsi ndi amanzere.

Anaiyang’anitsitsa mpaka amayi anafunsa ngati akumva bwino m’thupi.

“Bulendayi munaitenga kuti?”

“Anandisiyira alamu anga posamuka. Aja anali ndi lesitilanti kuseri kwa siteji ya basi.”

A Kunsi anakumbukira. Zaka zisanu zapitazo bambo wa lesitilanti anabwera ali wefuwefu, jagi itasweka, makasitomala akudikira. Pashelefu panali jagi ya bulenda ina, ya makutu anayi. Iwo anapala awiri, otsalawo analowa, mota inalira, bamboyo anawatcha dokotala. Koma phazi la jagiyo linali locheperako pang’ono, ndipo mano ake ankangogwirana ndi a tsindelo kunsonga. Zaka zonsezi inkagwedera ikamazungulira, pang’onopang’ono, mpaka inang’aluka.

Akanatha kungokhala chete. Akanaitanitsa nambala ya pakapepala ija, Lachisanu n’kupalanso makutu awiri amayi ali panja, palibe akanadziwa. Tupa anali pomwepo pabenchi.

“Mlongo,” anatero, “mwana wanu sanalakwitse kufufuza. Jagi wapezayo ndi yeniyeni. Koma jagi imeneyi ndi tsinde ili si apachibale. Ndi ukwati wokakamiza.”

“Anakakamiza ndani?”

“Nkhoswe yake muli nayo pano.”

Amayi anawayang’ana, n’kuyang’ana jagi, n’kuwayang’ananso.

“Ndiye zaka zonsezi ndimagwira chivindikiro ndi manja awiri ngati ndikugwira mbuzi, ndi inuyo?”

“Ndi ine. Mundikalipire Lachisanu, lero nthawi yatithera.”

Anamasula masikuluwu anayi a kunsi n’kuchotsa chotsekera. Ankayembekeza nambala yodindidwa m’kati mwa pulasitiki, koma anangopeza kachizindikiro ka mwezi ndi chaka chimene inapangidwa. Pepala la pamota linali ndi mphamvu yake yokha. Anagoneka rula pakhosi la tsinde n’kujambula. Anajambulanso mano aja, mipata ija, ndi chotembenuza cha kutsogolo chokhala ndi maliwiro awiri. Zonse anatumiza kwa wogulitsa masipeya, n’kumuimbira, foni ili pokweza mawu.

“Mdala wa pansi pa masitepe,” anayankha wa masipeya. “Mwanditumizira zithunzi zinayi, nambala ayi. Ndine wolosera ine?”

“Ukanakhala wolosera bwenzi utalosera kuti dazi likubwera. Pita kushelefu, mphwanga. Mipata iwiri, mano asanu ndi limodzi, khosi masentimita khumi ndi imodzi.”

Panamveka kukoka makatoni. Wotchi ya pakhoma inali itadutsa hafu leveni. Amayi anakhala pa kampando, manja ali pamaondo.

“Zilipo ziwiri za banja limenelo,” anatero wa masipeya. “Ina yozungulira yapulasitiki, ina yagalasi ya ngodya zinayi. Phazi ndi limodzi, mano ndi amodzi. Musankhe nokha, ndisadzamve dzina langa.”

“Tengani yagalasiyo, achimwene, ikumveka yaulemu,” ananong’oneza amayi.

A Kunsi anapukusa mutu. Zinthu ziwiri zikafanana chotero, ndiye kuti kusiyana kwake kwabisala pamene anthu sayang’ana. Anakumbukira kaswitchi kaja. Anatema kachidutswa ka sopo wochapira, anakafewetsa ndi madzi, n’kukakanikiza mumpata muja mofatsa, mpaka kutangokhudza mutu wa switchi. Atakatulutsa, sopoyo anali ataumbika ngati khutu la jagi. Anamuyeza.

“Yeza makutu a majagi akowo, kutuluka kwake kuchokera paphazi.”

“Mukundigwiritsa ntchito ya kusukulu tsopano. Dikirani. Yagalasi mamilimita anayi. Yapulasitiki asanu ndi awiri.”

“Kuti ungoikhudza switchi yanga pakufunika asanu, ndiye uikanikizenso. Yagalasiyo ikhala bwinobwino, yokongola, koma mota siidzalira. Lemba yapulasitiki, ndi mipeni yake ndi labala wake.”

“Mwatsimikiza? Sindibweza.”

“Lemba, usanayambe ulaliki.”

Amayi anabwera kunyumba. Anangondibwezera kapepala kanga kaja, n’kunena kuti a Kunsi akuti ndili ndi dzanja labwino. Ndinamva ngati andithira madzi ozizira. Masiku atatu amenewo zinanazi zinkapsa pakhonde, fungo lili m’nyumba monse, ndipo amayi ankazitembenuza m’mawa uliwonse.

Lachisanu ndinawaperekeza, ndili ndi mtima wofuna kuona mdalayo akuchita manyazi. Katoni inali itafika. Jagi yatsopanoyo inali yaifupi, yonenepa, yosafanana n’komwe ndi imene ndinaidziwa kuyambira ndili ku pulayimale.

“Iyi si yathu,” ndinatero.

 A Kunsi anathiramo madzi mpaka theka n’kuiika pa nyuzipepala youma, tonse tikuyang’ana. Atainyamula, pepalalo linali louma. Anaikhazika patsinde, anaipotoza pang’ono, inamveka kuti kete. Anauza amayi kuti ayatse okha. Amayi anagwira chivindikiro ndi manja awiri monga mwa chizolowezi.

“Chotsani manja, mlongo.”

Anachotsa limodzi. Mota inalira mosalala, madzi anapanga dzenje pakati, jagi ili nji, osagwedera. Anachotsa linalo. Anaima choncho manja ali m’mwamba, akuseka ngati mtsikana.

“Kukalipa kuja ndakhululuka,” anatero. “Koma juwisi wa Lolemba mudzagula, musayembekeze waulere.”

A Kunsi analemba nambala ya jagi yatsopanoyo pakapepala, anakamata m’kati mwa chotsekera cha kunsi, kumene waya wa amayi sungafike. Jagi yong’aluka ija anaipempha. Ili pashelefu mpaka lero, yotembenuzidwa, malo opalidwa aja akuyang’ana aliyense wolowa. Wina akabwera ndi changu n’kunena kuti ingopalani ilowe, iwo amangomulozera.

Tikutuluka m’pamene anandifunsa funso lija. Sanafunse monyoza. Anafunsa ngati munthu amene akufunadi kudziwa.

Lolemba amayi anapita ku kantini ndi mabotolo awo, ndipo tebulo lidakali lawo. Ine ndinali nditalonjeza msuweni wanga kuti mwezi ukatha ndimutsatira kumene amagulitsa mafoni, kuti nanenso ndizivala malaya a kolala, anthu azindiona. Ndamulembera kuti asandidikire. Ndagula kope la masamba ambiri ndi rula yachitsulo, ndipo mawa m’mawa ndikaweramira pakhomo la pansi pa masitepe paja, ndikawapemphe a Kunsi kuti andiyambitse ndi shelefu yapansi.