Ndinkafuna agogo anga, a situdiyo anandipatsa mkazi wachilendo

Inu a situdiyo ya mafoto ya pafupi ndi msika ku Vila Ulongwe, dzina lanu sinditchula, koma mukudzidziwa. Mayi uja mwamupachika pazenera lanu ndi ndani?

Ndifotokoze kuti aliyense amve. Ine ndine mphunzitsi kuno ku Lifidzi. Pa Pasaka banja lathu lonse linakumana, anthu khumi ndi anayi, mpaka achimwene a ku Joni anabwera. Tinajambulitsa foto pakhonde m'mawa, titangochoka ku Misa. Agogo aamuna anakhala pakati, ndipo analamula kuti mpando wa pambali pawo usakhalidwe. Unali wa akazi awo, agogo Anangozo, amene anatisiya zaka zitatu zapitazo.

Agogo Anangozo ankadana ndi kamera. Foto yawo tili nayo imodzi basi, ya pakhadi lolandirira chakudya nthawi imene anathawira nkhondo ku Dedza. Kafoto kakang'ono ngati bokosi la machesi, kopanda mtundu, mutu ndi mapewa okha, chidindo chitadya phewa limodzi.

Lolemba, 7 koloko m'mawa, ndinalembera a situdiyo pa WhatsApp nkuwatumizira foto ya pa Pasaka ija. Uthengawo ndikadali nawo:

"Bambo, ndikupempha muwaike agogo anga omwalira pampando wopanda munthuwo. Chonde chitani mosamala. Anali aafupi, akuda, ali ndi mphini zitatu patsaya lililonse. Musawasinthe nkhope. Musanasindikize munditumizire ndione. Khadi lenilenilo ndibwere nalo?"

Yankho linabwera 7:04. "Palibe vuto, mayi. Ingolijambulani ndi foni mutumize. Makina athu ndi amakono."

Ndinajambula, ndinatumiza. Lachitatu ndinafunsa. Anati magetsi. Lachisanu ndinafunsa. Anati ntchito yatha, yasindikizidwa kale, ili m'felemu. Ndinati nanga zoti ndione kaye zija? Anati, "Zinthu zokongola sizifuna kuonedwa kawiri."

Loweruka ndinakwera chapa, minibasi ya kuno kwathu, ndinafika 10:20. Anandipatsa chithunzicho atachikulunga bwinobwino, nkundiuza kuti ndikatsegulire kunyumba, banja lonse lisangalalire pamodzi. Ine ndi uphunzitsi wanga wonsewu ndinamvera. Pamenepo ndiye cholakwa changa, ndikuvomera.

Kunyumba tinatsegula pamaso pa agogo aamuna, amayi anga, ndi amayi anga aang'ono, a Rozina.

Pampando paja panakhala mayi wa zaka ngati makumi atatu. Woyera. Masaya osalala ngati mbatata yosenda. Mphini kulibe. Mano onse mbee, pomwe agogo pakhadi paja anatseka pakamwa. Anamuveka diresi lonyezimira la paukwati ndi nsapato zazitali, ndipo atakhala chomwecho mutu wake unkapitirira achimwene amene anaimirira kumbuyo. Tonsefe dzuwa likutiwomba kuchokera kumanzere, iye yekha likumuwomba kuchokera kumanja. Mapazi ake sanafike pansi. Analibe ndi chithunzithunzi chomwe.

Agogo aamuna anavala magalasi awo, nayang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Adzukulu, mwandifunira mkazi osandiuza? Kwawo nkuti?"

A Rozina anaseka mpaka kukhala pansi. Amayi sanaseke. Analowa m'nyumba, ndipo ndinawamva akufwenthera. Chithunzichi chinali choti chikaonetsedwe tsiku lodalitsa chiliza cha agogo, patangotsala milungu iwiri.

Lolemba lotsatira nditaweruka ndinabwerera ku Ulongwe, khadi lili m'chikwama. Ndinafunsa mwini situdiyo kuti mphini zapita kuti. Anati kompyuta inaziona ngati zokalika za pepala lakale, ndiye inazifufuta. Ndinati nanga mano? Anati foto ya pa WhatsApp imafika itafinyidwa, ikakulitsidwa imangokhala timabokosi, ndiye pulogalamu yokonza nkhope imadzaza yokha pamene sipakuoneka. Ndinati ndiye kuti imangopeka? Anati, "Siipeka, mayi, imaganizira." Thupilo anavomera kuti analidula pa foto ya kasitomala wina, mkwatibwi wa ku Domwe.

Ndiye kumutu ndi maloto a kompyuta, kumunsi ndi mkazi wa mwini. Agogo anga ali pati?

Anandiyankha kuti anthu ambiri amakonda akufa awo aziwala. Ndinati bambo, ife sitinawakonde chifukwa chowala. Mphini zimenezo ndi zimene tinkazigwiragwira tili pamiyendo pawo.

Apa anakanda m'mutu. Chondipweteka nchoti ntchito amaidziwa bwino, anangochita ulesi. Anatenga khadi lija, nalipukuta ndi kansalu, naliika pa sikana, nakweza manambala a kuoneka bwino kwa chithunzi mpaka mapeto. Makinawo anayenda pang'onopang'ono ngati ngolo yodzaza mbatata. Nkhope itatuluka pagalasi, mphini zonse zisanu ndi imodzi zinalipo, ndi kachipsera ka pachikope kamene ndinali nditakaiwala.

Ndiye anayamba kundiphunzitsa zimene akanandiuza tsiku loyamba. Anati pakufunika munthu wa msinkhu wa agogo, avale zovala zawo, akhale pampando womwewo, pakhonde lomwelo, nthawi yomweyo ya m'mawa, wojambula aime pomwe anaima wa pa Pasaka, kuti kuwala ndi chithunzithunzi zigwirizane ndi za enafe.

Lachitatu, 9 koloko, a Rozina anavala kapulana ya agogo yobiriwira, chitenje chawo, ndi duku lawo. Anakhala pampando akudandaula kuti sanafe iwo, bwanji tikuwayeserera. Agogo aamuna ndiwo anali kapitawo. "Manja asakhale choncho. Ankawasanjika pabondo. Weramako pang'ono, amako sankakhala ngati msilikali."

Lachinayi ndinakhala pambali pa mwini situdiyo maola atatu. Anadula nkhope ya pakhadi motsatira m'mphepete mwa duku, naiika pathupi la a Rozina. Anaichepetsa poyerekeza ndi mutu wa agogo aamuna. Popeza kuwala kwa pakhadi kunali kwa kutsogolo, anadetsa pang'ono tsaya lakumanja. Khungu analipaka mtundu potengera manja a a Rozina. Pansi pa mpando anabwezerapo chithunzithunzi, mapazi nkuponda dothi. Dzanja lake likangosendera ku batani la pulogalamu yosalaza nkhope ija, ine ndinkatsokomola, iye nkulibweza.

Nkhope ya agogo inatsala yosaoneka bwino kwenikweni poyerekeza ndi zathu. Anati akhoza kuinola. Ndinati isiyeni.

Tinayamba tasindikiza kafoto kakang'ono, ndinapita nako kunyumba. Amayi anakagwira ndi manja awiri, nati, "Amayi anga ndi awa." Agogo aamuna anayendetsa chala patsaya paja, kenako anapempha kuti kakang'onoko kakhale kawo. Anakaika m'buku lawo la mapemphero. Tsiku lodalitsa chiliza, chithunzi chachikulucho chinazungulira m'manja mwa anthu, ndipo azimayi a m'mphakati wathu wa kutchalitchi ankangoti, "Anangozo enieni."

Ndinkati nkhani yatha. Dzulo ndikudutsa pamsika, ndikuona chithunzi choyamba chija chili pazenera la situdiyo, pansi atalemba kuti "Timabweza okondedwa anu." Banja lathu lonse lilipo, agogo aamuna pakati, pambali pawo mkwatibwi wa ku Domwe. Akatekisiti athu achiona kale. Afunsa amayi ngati madalawo akwatira mwakachetechete osadzera ku tchalitchi.

Inu amene mukufuna ntchito ngati imeneyi, pitani ndi foto yeniyeniyo, musatumize pa foni, ndipo musalole asindikize musanaone ndi maso anu.

Inu a situdiyo, ntchito yachiwiri ija munaigwira bwino, ndathokoza. Koma anakulolani ndani kutipachika pazenera? Mayiyo mumuchotse lisanafike Loweruka. Mukapanda kutero ndibwera ndi agogo aamuna, ndipo akuti mudzawafotokozere nokha akatekisiti.