Mbande sizidikira pasipoti

Lolemba m'mawa bambo anga anandiflasha kangapo ndili pakati potsuka mapoto kulesitilanti komwe ndimagwira ntchito kuno ku Joni. Inu amene muli kunja mukudziwa kuti kholo likaflasha chotero silikufunsa za chimfine chanu.

Nditaimba, moni anali wachidule.

"Kuno ku Chia mvula yagwa, dambo ladzaza. Mbande zampunga zikukalamba panazale. Aganyu ndawauza kale kuti mwana wanga atumiza lero."

"Ababa, ndalama ilipo, koma yachedwa pang'ono."

"Yachedwa? Ikubwera wapansi?"

Ndinayamba kufotokoza. Abwana analipira Lachisanu madzulo, koma banki yawo ndi yanga n'zosiyana, ndiye malipiro anagona m'njira Loweruka ndi Lamulungu lonse. Atafika, ndinatsegula foni kuti ndipange oda kukampani yotumizira ndalama. Mumalemba nambala ya wolandira, amakuuzani kuti marandi anu asanduka makwacha angati, kenaka amakupatsani nambala yokalipirira kusitolo. Ine anandikana pakhomo pomwe. Akuti pasipoti yomwe ndinalembetsera inatha, ndijambule yatsopano, nditumize, ndidikire aiwunike.

"Pasipoti yako ikukhudzana bwanji ndi munda wanga?" anafunsa bambo. Ndipo kunena zoona, funsolo linali lanzeru kuposa yankho langa.

Ndinathamangira kwa mnzanga wa ku Dwangwa kuti nditumize m'dzina lake. Iyeyo anali atafika kale pamalire a ndalama zomwe amaloledwa kutumiza pamwezi, chifukwa theka la tonse okhala pabwalo lathu timadalira mapepala ake. Pamene anthu a kampani ankavomereza pasipoti yanga Lachitatu, mtengo wosinthira unali utasuntha, makwacha aja achepako. Ndinalipira, ndalama n'kulowa mufoni ya bambo. Ndinapuma.

Ndinapuma msanga. Ejenti wa pamsika anawauza kuti alibe ndalama m'manja, abwere mawa akasonkhetsa. Mnyanja muli nsomba, mufoni muli ndalama, munthu ali ndi njala.

Tsono ndikufunseni, anzanga: zonsezi mungazilongosole bwanji kwa munthu amene wayima m'matope? Kwa bambo, ndalama ili ndi malo awiri okha, m'thumba mwako kapena m'manja mwawo. Ikakhala kuti sili m'manja mwawo, nkhani yatha, wadyera zina. Ndipo sindiwadzudzula. Mawu akuti "netiweki" tawagwiritsa ntchito mopitirira muyeso ife a kunja. Lendi ikatimaliza, netiweki. Tikagula nsapato, netiweki. Tsiku lomwe makinawo akanadi, tikulankhula zoona zenizeni, zimamveka ngati bodza lophikidwa bwino kuposa ena onse.

Komanso kumudzi amationa pazithunzi. Jekete yonyezimira, kumbuyo nyumba zosanjikizana. Palibe amajambulitsa ali pamzere wa kusitolo, atagwira kanambala kolipirira, akuwerengera ngati yotsalayo ikwana thiransipoti mpaka mwezi uthe. Ndiye makolo amalonjeza molimba mtima, poti mwana ali kolemera. Amalonjeza aganyu, amalonjeza kutchalitchi, tsiku amatchula okha osatifunsa. Ife timalonjeza makolo, kampani imalonjeza ife. Pamndandanda wonsewu, amene salonjeza kanthu ndi mpunga wokha. Mbande zikapitirira msinkhu siziphukira bwino, ndipo zokolola za chaka chonse zimachepera pomwepo.

Lachinayi ndinaimba monyadira, poti ejenti anali atawapatsa ndalama ija. Anayankha ndi mayi.

"Zikomo mwanawe, talandira. Abambo ako agona, msana."

"Msana watani, amayi? Aganyu sanabwere?"

"Aganyu anadikira Lolemba, Lachiwiri anapita kwa ena olipira pompopompo. Nyengo ino sasowa kolowera. Tawokera tokha, ine ndi abambo ako. Ndime ya kumunsi taisiya, mbande sizikanatidikira."

Bambo anga ndi munthu amene kutchalitchi amagwira benchi kuti agwade.

"Anthu sanafunse?"

"Anafunsa. Abambo ako anawauza kuti ndalama inafika kalekale, koma aganyu a masiku ano amawokera mokhota, ndiye anafuna achite okha."

Zinandiwawa, ndipo zikundiwawabe. Sabata yonse ndinatuluka thukuta kufotokoza zoona kuti ndisaoneke wabodza, pamene mkulu uja anawerama m'madzi masiku awiri akunama kuti ine ndisaoneke wolephera.

Akadzuka ndiyenera kuwaimbira. Inu odziwa kufotokoza, ndiuzeni: ndiyambire pa banki, kapena pa pasipoti?